CV Yopanda Mudzi

Ntchito yanga ya pa bodala ya Mwanza inatha nyengo ya manachesi. Ndinali kalaliki pa kakampani kena kothandiza eni katundu kuwolotsa mathiraki ochokera ku Beira, ndipo bwana atatseka ofesi ndinabwerera kukakhala pa khonde ndi bambo anga. Mayi anali atatisiya kale. Bambo ali ndi shuga, ndipo nyumba yonse tinatsalamo awiri. Ntchito zimene ndinkazimva zinali za ku Blantyre, koma kupita kumeneko kunali kuwasiya okha ndi mabotolo a mankhwala. Zimenezo mtima wanga unakana.

Msuweni wanga wa ku Blantyre, amene amagwirira ntchito anthu a kunja ali m'chipinda mwake, ndiye anandiuza kuti nanenso ndingathe. Anati ndimutumizire CV yanga aione. Ndinatumiza monyadira, chifukwa CV imeneyo tinalemba ndi bambo, amene anali mphunzitsi mpaka kupuma. Inali ya masamba anayi. Pamwamba panali chithunzi changa, kenako tsiku lobadwa, mtundu, mpingo, mudzi, Mfumu Yaikulu Nthache, boma la Mwanza. Kumapeto kunali abusa ndi ahedi ngati anthu ondichitira umboni.

Msuweni uja anaimba foni akuseka.

"Iwe, ukufunsira ntchito kapena banja? Wa ku America akufuna adziwe mfumu yako kuti akapereke nkhuku?"

Zinandiwawa, koma ndinatenga cholembera. Anati zonse zikwane tsamba limodzi, ndipo chithunzi, zaka, mpingo ndi mudzi zichoke. Anthu amenewo sadzandiona ndi maso, ndiye amafuna zinthu zitatu: maola amene ndidzakhale pa kompyuta iwo ali maso, zipangizo zimene ndimadziwa kugwiritsa ntchito, ndi umboni wakuti ndikalemba uthenga munthu amamva osafunsanso. Anandichenjezanso kuti ma CV ambiri amayamba asefedwa ndi kompyuta, choncho mawu a pa chilengezo cha ntchito, ngati ndi zinthu zimene ndimazidziwadi, azipezekanso mwa ine.

Ndinalemba CV imeneyo kambirimbiri mpaka kuida. Pa zipangizo ndinayamba ndalemba kuti ndimadziwa kompyuta. Msuweni anati ngakhale mlonda wa pa banki amadziwa kompyuta. Ndinayenera kutchula pulogalamu iliyonse ndi dzina lake, komanso chimene ndinachita nayo: ya matebulo imene ndinkalondolera mathiraki, kalendala ya pa intaneti, yolemberana mauthenga pa ntchito, ndi ina yoika ntchito pa timakadi kuti aliyense aone zafika pati. Ziwiri zomalizazi ndinachita kuphunzira masabata angapo, ndalama za mabandulo zikungopita, chifukwa sindinafune kulemba bodza. Ndinawonjezera kuti ndili ndi sola ndi batire magetsi akazima, ndi malaini awiri a foni netiweki ikavuta.

Za kulemba ndiye zinatikanganitsa ndi bambo. Pa bodala ndinkalembera eni katundu tsiku ndi tsiku kuwauza pamene thiraki yafika, chimene chaigwira, ndi pepala limene likusowa. Msuweni anati chuma changa ndi chimenecho, ndichiike pamwamba, ndiikenso linki ya zitsanzo ziwiri nditachotsamo mayina a anthu. Koma anadula malonje onse. Anati munthu wadzuka kumene, mauthenga adzaza, amafuna mzere woyamba umuuze chachitika, wachiwiri chimene ukufuna kwa iye.

Bambo anawerenga chitsanzo chimodzi magalasi ali pamphuno.

"Moni ali pati?"

"Safuna moni wautali, Ababa. Amafuna nkhani."

"Ndiye munthu ungomugwera ngati chiphaliwali? Ine ana ndinkawakwapula chifukwa cha kalata zoterezi."

Kenako anatenga CV ija. Pansi pa dzina langa panangolembedwa kuti Mwanza, Malawi, UTC+2. Anandifunsa kuti UTC ndi mfumu ya kuti. Ndinawafotokozera kuti ndi wotchi imene dziko lonse limayezerapo nthawi, ndipo ife tili patsogolo pake ndi maola awiri. Anatembenuza pepalalo kuona ngati mudzi wathu uli kuseri. Atapeza poyera anandibwezera, n'kupita kukaona mbuzi.

Miyezi inadutsa. Ndinkatumiza, osayankhidwa. Ena ankayankha ndi kalata yofanana yondithokoza, moti ndinafika poidziwa ndisanaitsegule. Ndinatopa, kutopa koti ukadzuka m'mawa umayang'ana laputopu ngati khasu la pa ganyu.

Pa mzere wa maola ndinali nditalemba mwaulemu wa kwathu kuti ndimapezeka nthawi ina iliyonse. Msuweni anati mawu amenewo sauza munthu kanthu, ndipo wowerenga amaganiza kuti sindinawerengere kusiyana kwa nthawi. Ndilembe maola enieni, mu UTC, chifukwa anzathuwo amasuntha mawotchi awo kawiri pa chaka pamene ife sitisuntha. Ntchito zambiri za mathiraki zimene ndinkaona zinali za kum'mawa kwa America, kumene amalowa mu ofesi kuno ili 3 koloko masana. Choncho ndinalemba kuti ndimapezeka kuyambira 13:00 mpaka 20:00 UTC, ndipo ikafika nyengo yawo yozizira ndikhoza kusuntha ndi ola limodzi. Kwathu kuno ndiye kuti kuyambira 3 koloko masana mpaka 10 koloko usiku. Ndinalemba mosaganiza kawiri. Ndinkangofuna wina ayankhe.

Anayankha. Mayi wina wa kampani yaing'ono yotumiza katundu anandiyesa polemba uthenga wouza kasitomala kuti katundu wake wachedwa, ndipo sabata yotsatira ndinayamba. Bambo anapha nkhuku, n'kuuza a ku mpingo kuti mwana wawo wamkazi sapitanso ku Blantyre.

Chimene sindinawerengere ndi tsiku la bambo. Iwo amalawirira ku munda wa manachesi ine ndisanadzuke, amabwera masana n'kugona pang'ono. Nthawi yathu inali ya madzulo, dzuwa likapendeka, pa khonde, wailesi ikulankhula yokha ife tikukamba za anthu odutsa. Maola amenewo ndi amene ndinawaika pa CV. Tsopano ikamakwana 3 koloko ndimatseka chitseko, n'kuvala zomvera m'makutu. Chakudya chamadzulo ndimaphikiratu masana. Ndikamatuluka iwo amakhala atagona.

Masiku oyamba ankagogoda kudzandiuza kuti mbuzi yabereka, kapena kuti kwa aneba kwabwera alendo. Tsiku lina anagogoda ndili pa msonkhano wa pa vidiyo, ndipo nditatuluka ndinalankhula mokweza kuposa mmene mwana amayenera kulankhulira.

"Ababa, ndikakhala umu ndili ku ntchito. Ngati pali kanthu, lembani, ndiwerenga ndikapeza mpata."

"Chabwino, mayi," anatero.

Sanagogodenso. Mawa lake, kunja kukuyamba kuda, ndinaona kapepala kakulowa pansi pa chitseko. Kanali kong'ambidwa pa kope, kolembedwa ndi dzanja lawo lija lokongola la pa bolodi. Ndinakatola mayi wa ku America akulankhulabe m'makutu mwanga.

"Ndadya. Mankhwala ndamwa. Palibe chofunika kwa iwe."

Ndinakatembenuza kuona kuseri. Moni panalibe.