Tsiku Limene Tinakauza Amayi za Khansa ya Asisi

Asisi anga, mphunzitsi wa pulayimale ku Kapata, anawapeza ndi khansa ya bere. Anauzidwa Lachinayi m'mawa m'kachipinda ka pachipatala chachikulu ku Chipata, ine ndi alamu, amuna awo, tili pomwepo.

Chotupacho anachimva okha posamba. Madokotala anadulako kanyama n'kukatumiza kokapima, ndipo tsikulo tinapita kukamva zotsatira. Tisanalowe, alamu anakumana ndi dokotala pakhonde. Dokotalayo anali mayi wamfupi, wovala nsapato zathyathyathya.

“Adokotala, ngati zili zoipa mundiuze ine,” anatero alamu. “Awa mtima wawo ndi wochepa.”

“Ndamva, bambo. Koma thupi ndi lawo. Ndiyamba ndawafunsa.”

Anatikhazika pansi, natseka chitseko, foni n'kuiika chafufumimba patebulo. Sanayambe ndi zotsatira. Anafunsa asisi ngati akufuna kuti ifeyo tikhalemo. Asisi anavomera. Anawafunsa zimene ankadziwa kale za chotupacho. Asisi anati ankaganiza kuti ndi chithupsa, koma kusapweteka kwake n'kumene kunkawaopsa. Kenako anafunsa ngati ali munthu wofuna kumva zonse, kapena pang'onopang'ono.

“Ndine mphunzitsi,” anatero asisi. “Nenani zonse.”

“Amayi, zotsatira zabwera. Pepani, si nkhani imene tinkayembekezera.” Anatero dokotala. “Chotupa chija ndi khansa.”

Basi, anakhala chete.

Ndagwira ntchito ya nyuzipepala zaka zambiri. Kuntchitoko anatiphunzitsa kuti chachikulu chizikhala m'chiganizo choyamba, zotsalazo zitsatire msangamsanga. Dokotalayu anachita zina. Anachenjeza kaye, anatchula dzina la matenda mosalizungulira, kenako anasiya mpata. Panja wina ankakankha bedi la matayala olira. Alamu anayang'ana khoma. Asisi ankasalaza siketi pamaondo, mobwerezabwereza, ngakhale inalibe khwinya.

Asisi ndiwo anayamba kulankhula. “Ndifa?”

“Lero sindingakuuzeni pamene yafika. Tiyenera kujambula kaye m'chifuwa ndi m'mimba, tione ngati yafalikira. Chimene ndikudziwa n'chakuti chithandizo chilipo, ndipo kuyamba msanga kumathandiza. Tandiuzani, mwamva kuti ndanena chiyani?”

Asisi anabwereza mawu amodzi okha, khansa. Za kujambula sanazimve. Dokotala sanadabwe. Anazinenanso, mofatsa, nawonjezera chimodzi: chithandizo china chidzakhala ku Lusaka, ndipo adzafunika munthu wowasamalira. Anati mafunso ena tibwere nawo Lolemba.

Tili m'galimoto asisi anati akufuna amayi athu ndiwo akawasamalire. Alamu sakanasiya ana ndi ntchito. Koma amayi, amene amakhala ku Chiparamba, amadwala bipi, matenda a kuthamanga kwa magazi, ndipo mng'ono wawo anamwalira ndi khansa ya khomo la chiberekero imene inapezeka mochedwa. Kwa iwo mawu akuti khansa anali bokosi la maliro. Tikawauza molakwika akanagwa, kapena akanakana kumva za Lusaka, kumene mng'ono wawo sanabwereko wamoyo.

Kwathu nkhani yaikulu simuitengera nokha kwa kholo. Imadzera kwa amalume. Tinawatenga Loweruka, mkulu wa mpingo amene anapuma pa ukalaliki, atavala jekete lakuda kukutentha kwa Okutobala. M'njira anakonza dongosolo.

“Iwe mwana ukhale m'galimoto,” anauza asisi. “Ife tikayambe tasalaza. Ndikakodola, ubwere.”

“Amalume, si bwino ndingolowa nanu?”

“Alongo anga ndimawadziwa ine. Ndinawanyamulira mabuku iwe usanabadwe.”

Galimoto tinaisiya kuseri kwa mpanda wa nkhadze. Tinalowa pabwalo mondondozana: amalume patsogolo chipewa chili m'manja, ine pakati, alamu pambuyo atawerama. Amayi ankasenda mtedza pakhonde. Anatiyang'ana mmodzimmodzi, kenako anayang'ana kumbuyo kwa alamu. Kunalibe munthu.

Amalume anakana mpando, nakhala pansi. Anayamba ndi mvula yochedwa. Anadutsa pa ulendo wa moyo wa munthu, ndi mmene Mulungu amaperekera. Anati, “Alongo, limbani mtima. Mwana wathu uja…”

Lichero linagwa. Amayi anaika manja kumutu n'kuyamba kulira mokweza, kulira kwa maliro, akutchula asisi ndi dzina la paubwana. Sanalakwitse kuwerenga. Amuna atatu, mkamwini ali yekha, chipewa m'manja, kukana mpando: uthenga wa imfa umafika choncho. Azimayi a nyumba zoyandikana anatulukira akumanga zitenje, wina atayamba kale kulira. Amalume ankati, “Iyayi, si choncho,” koma mawu awo sankamveka.

Chitseko cha galimoto chinamveka. Asisi anadutsa pakati pa azimayiwo, nagwada patsogolo pa amayi, nawagwira manja onse awiri.

“Amama, ndine. Ndigwireni.”

Amayi anawagwira nkhope, makutu, mapewa. Kulira kunaduka, kunatsala kupuma kwa befu. Asisi anapempha madzi. Anathokoza anansiwo, nawapempha kuti atisiye kaye. Anafunsa amayi ngati amwa mankhwala a bipi m'mawa. Anali atamwa.

Kenako ndinamva dongosolo la dokotala uja likutuluka m'kamwa mwa asisi.

“Amama, mukukumbuka ndinakuuzani za chotupa?”

“Chija unati sichipweteka.”

“Chomwecho. Munkaganiza kuti n'chiyani?”

Amayi anayang'ana pachifuwa pa asisi.

“Achipima. Nkhani yake si yabwino. Ndinene?”

Amayi anagwedeza mutu movomera.

“Ndi khansa.”

Amalume anatsegula pakamwa, ndikuganiza kuti ankafuna kuyamba pemphero. Asisi anakweza chala chimodzi osawayang'ana, mmene amaletsera ana m'kalasi. Amalume anatseka. Nkhuku zinkatola mtedza umene unamwazika, ndipo palibe anaziingitsa.

Patapita nthawi amayi anati, “Ngati ija ya mng'ono wanga.”

“Dzina ndi limodzi. Koma yawo inali ya chiberekero, ndipo anapita atadwala nthawi yaitali. Yanga ndi ya bere. Pamene yafika sakudziwa, ajambula kaye. Sindikunamizani kuti ndichira, sindikudziwa. Koma mankhwala alipo, ndipo ndikufuna kuwayamba.”

“Ku Lusaka?”

“Ena ku Lusaka. Zimenezo tikambirana mukapuma.”

Amayi anatembenukira kwa amalume. “Inu achimwene, mwana ali moyo mumamubisa m'galimoto ngati mbuzi yakuba?”

“Ndimafuna kusalaza, alongo.”

“Mwasalaza mpaka mwamuika m'manda.”

Palibe anaseka. Amalume anavala chipewa, kenako anachivulanso.

Za kusamalira wodwala asisi sanazitchule tsikulo mpaka titadya. Atazitchula, amayi anakhala nthawi akupukuta manja. Anafunsa ngati dokotalayo amalankhula Chinyanja. Tinati inde. Anafunsa ngati amalola makolo kulowa. Alamu anati amalola, wodwala akavomera.

“Ndikamufunse ndekha,” anatero amayi. “Za Lusaka ndiyankha ndikamumva.”

Analowa m'nyumba, natuluka ndi chikwama chaching'ono ndi botolo la mankhwala awo. Makiyi anasiyira mayi wa nyumba yoyandikana, yemwe uja anali atayamba kulira. Pobwerera anakhala kumbuyo ndi asisi, atawagwira dzanja mpaka ku Kapata.

Lolemba likubwerali asisi akajambulidwa m'chifuwa ndi m'mimba, ndipo amayi akalowa nawo kwa dokotala.