Kuno kulibe Maliyamu

M'mawa uliwonse, asanayale matemba pathandala, Patricia Gerishomo ankalemba m'kope lake zimene wamva padoko la Kachulu. Kuchokera m'kopemo analemba nkhani ya azimayi oyanika nsomba, m'Chingerezi cha ku sekondale, n'kuitumiza pafoni kwa mkonzi wa webusaiti ya zaulimi ku Blantyre. Inali nkhani yake yoyamba.

Lachiwiri masana foni inalira. Anali mkonziyo, a Makisoni.

"Mayi Gerishomo, pulogalamu ya pakompyuta yoyezera zolemba ikuti nkhani yanu yalembedwa ndi makina."

Patricia anakhala pansi pamchenga wotentha.

"Pulogalamuyo sindiikhulupirira payokha," anapitiriza. "Imanamizira anthu ambiri olemba Chingerezi chowongoka cha kusukulu. Koma makina amapekanso anthu. Nditumizireni zithunzi za zolemba zanu zoyambirira, ndi nambala ya mayi Maliyamu Abudu amene mwawatchulawa. Akapanda kupezeka, nkhaniyi sindisindikiza, ndipo zanu sindidzalandiranso."

Anajambula masamba anayi okhala ndi madontho a mafuta a nsomba, n'kutumiza pamodzi ndi nambalayo. Pasanathe ola a Makisoni anaimbanso, mawu atauma.

"Ndaimba. Wayankhayo akuti, 'Kuno kulibe Maliyamu,' n'kudula. Munacheza ndi ndani kwenikweni?"

Patricia anayang'ana kumathandala. Mayi Maliyamuwo ankawaona chapatali apo, akutembenuza matemba. Kenako anakumbukira: dzinalo analikopera pachiphaso chawo, pofuna kulemba molondola. Pa Kachulu palibe ankawaitana choncho.

"Bwana, munawatchula bwanji?"

"Monga munalembera."

"Kuno ndi amake Nasiru. Dzina linalo amamva kuchipatala basi. Musadule."

Anathamanga, foni ili m'manja.

"Amake Nasiru, munakaniranji dzina lanu?"

"Iii, mwanawe! Mwamuna wachilendo kunditchula ngati anandibala ndi iyeyo? Ndimayesa ndi akuba a pafoni aja!"

A Makisoni anamva zonse, koma sanaseke. Anapempha kulankhula nawo okha.

"Pepani amayi. Mtsikanayu munamuuza chiyani?"

"Zoti mvula ikagwa matemba amaola pathandala. Ndinamuuzanso za mpongozi wanga waulesi, koma izo ndinati asalembe. Walemba?"

"Sanalembe."

"Akanalemba akanandiona."

Foni itabwerera, mkonzi anafunsanso: "Patsamba lachitatu mwafufuta chiganizo chonse. Chifukwa chiyani?"

"Ndinalemba kuti matemba amauma tsiku limodzi. Nditafunsanso, anati kukachita mitambo amatha masiku atatu."



"Ituluka Lachisanu," anatero a Makisoni. "Koma ndime yoyambayo ndi yosalala kwambiri, simukumveka fungo la nsomba. Ilembeninso."

M'mawa mwake, asanayale matemba, Patricia anatsegula kope. Pafupi ndi dzina lililonse la pachiphaso analembapo dzina limene mwini wake amavomera akaitanidwa. Kenako anayamba ndime ija mwatsopano.