Tsamba Lachinayi la Mgwirizano wa Mpunga

Chitchaina ndinachiphunzira ndili wamkulu kale. Ndinakakhala ku China zaka zinayi pa maphunziro a ulimi wothirira, koma nditabwerako ntchito ya ulimiyo sinapezeke. Imene inapezeka ndi yomasulira mapepala a makampani. Ndinkakhala pa Migowi, kuseri kwa msika, ndipo ndinkadya chifukwa cha chinthu chimodzi: anthu ankadziwa kuti pepala limene ndasayinira likunena zomwezo zimene mwiniwake analemba. M'mawa uliwonse ndisanatsegule kompyuta ndinkapempha Ambuye kuti andisunge ndisakhale mboni yonama.

Pa nthawi imeneyo atsibweni anga, mlongo wawo wa mayi, anali wapampando wa kopaletivi ya alimi a mpunga kufupi ndi nyanja ya Chilwa. Analinso mkulu wa mpingo wathu, ndiponso ankhoswe a banja langa. Ndiwo anagulitsa mbuzi kuti ndimalize sekondale. Tsiku lina anafika pa njinga ndi envulopu m'malaya. Anati kampani ina ya Atchaina yogaya mpunga ku Limbe ikufuna kupereka mapampu ndi mbewu, alimi adzaigulitse mpunga woyeza muyeso wogwirizana akakolola. Mgwirizano unalembedwa m'Chitchaina, masamba asanu ndi limodzi, ndipo a kampani anati alimi adzipezere okha womasulira m'Chingerezi.

Masamba atatu oyamba sanavute. Pa tsamba lachinayi ndi lachisanu ndinakhalapo masiku awiri.

Pa tsamba lachinayi panali ndime ya zogwa mwadzidzidzi zimene zimamasula munthu ku lonjezo lake. Atchaina amailemba ndi zilembo zinayi, bukekangli, kutanthauza mphamvu yosatheka kulimbana nayo. Poyamba ndinafuna kulemba kuti act of God, ndiko kuti chochita cha Mulungu, chifukwa mtima wanga unkawakonda mawuwo. Koma mawu amenewo amakhudza za chilengedwe zokha, pamene ndimeyi inatchulanso nkhondo ndi malamulo a boma. Ndinalemba force majeure. Kenaka panabwera zoyesera zitatu, monga momwe malamulo a kwawo amanenera: chinthucho chikhale chosayembekezeka, chosapeweka, ndiponso chosagonjetseka. Zonse zitatu pamodzi, osati chimodzi mwa izo. Ndinalemba unforeseeable, unavoidable and insurmountable. Kuno kwathu bwalo la milandu limangotsata zimene zalembedwa m'ndime yotereyi, siliwonjezerapo za chifundo, choncho liwu lililonse ndinaliyeza kawiri.

Pansi pake panali ziganizo ziwiri zimene zinandiimitsa mutu. Choyamba chinati kusefukira kwa madzi kwa m'nyengo ya dzinja ndi kuphwa kwa nyanja sizidzawerengedwa m'ndimeyi, popeza alimi a m'dambo amaziyembekezera. Chachiwiri chinati wogweredwa tsoka adziwitse mnzake polemba kalata pasanathe masiku asanu ndi awiri, ndipo abweretse umboni wochokera ku ofesi ya boma. Tsamba lachisanu linati mpunga ukapanda kukwana, mapampu adzatengedwa, ndipo akomiti khumi osayinira ngati chikole adzayankha pamodzi komanso aliyense payekha. Ndiko kuti kampani ikhoza kusankha mmodzi yekha n'kumusenzetsa mlandu wonse. Pa tsamba lomaliza panalembedwa kuti zilankhulo ziwirizi zikasemphana, Chitchaina ndicho chidzatsatidwe.

Atsibweni atabwera kudzatenga, ndinawakhazika pansi n'kuwawerengera zonsezo m'Chichewa. Anamvetsera ataweramitsa mutu. Kenaka anaseka.

“Mphwanga, ndiye Atchaina akuti chigumula si cha Mulungu? N'cha ndani, cha agogo awo?”

Ndinati sakukana kuti n'cha Mulungu, akungoti ife timadziwa kuti chimabwera. Ndinawapempha kuti akakambirane ndi kampani ziganizo ziwirizo asanasayine, ndiponso kuti ndidzabwere ndekha ku msonkhano kudzawerengera alimi. Anati za ku msonkhano ndiwasiyire, nanga mpando anawapatsiranji. Anati akawerenga okha tsamba ndi tsamba.

Pali kachitidwe kena kamene ndinakaona ku China. Akamaliza mgwirizano, amayala masamba onse mopendeketsa n'kudinda chidindo chimodzi m'mphepete, kuti tsamba lililonse litengeko kachidutswa. Wina akachotsapo tsamba, chidindo sichilumikizana. Ine chidindo ndinalibe, koma pa ntchito za makampani ndinkasayina m'munsi mwa tsamba lililonse. Tsiku limenelo ndinatenga cholembera, ndinasayina pa tsamba lomaliza pamene pali mawu otsimikiza kuti kumasuliraku n'koona, ndipo nditati ndibwerere ku tsamba loyamba ndinaona atsibweni akundiyang'ana. Anafunsa kuti zosayina paliponsezo n'zachiyani. Ndikanayankha bwanji? Kuti n'zoletsa akuba? Kwathu mwana sawerengera nkhuku pamaso pa mkulu amene wamusungitsa khola. Ndinati palibe kanthu, n'kuika cholembera pansi. Tinapemphera, iwo ndiwo anatsogolera.

Akomiti anasayina. Mapampu anabwera, ndipo pa Sabata lotsatira mpingo unaimba nyimbo zoyamika. Anthu ankandigwira chanza pa msika, amvekere mwana wathu watitsegulira khomo.

Mvula ya chaka chimenecho inagwa masiku ambiri osaleka, chakumapeto kwa dzinja. Mitsinje yochokera kuphiri inadzaza dambo, nyanja n'kubwerera m'minda. Mpunga unamira utayamba kubereka. Anthu ankayenda pa bwato pamwamba pa minda yawo. Ndinaimbira atsibweni tsiku lachiwiri la chigumulacho kuwakumbutsa za kalata ija, ngakhale ndinkadziwa kuti ndimeyo mwina sitithandiza. Anati zonse zili m'manja. Kalata sinalembedwe.

Itafika nthawi yokolola, a kampani anabwera ndi loya wawo. Msonkhano unachitikira m'nyumba yosungiramo mpunga ya kopaletivi, yopanda thumba ndi limodzi lomwe. Anandiitana kuti ndidzamasulire zokambirana. Mlembi wa kopaletivi, mayi wamasiye amene anali mmodzi mwa osayinira khumi aja, anaimirira ndi mgwirizano wa Chingerezi m'manja n'kuwerenga molimba mtima kuti chigumula chatchulidwa pa zinthu zomasula alimi ku mlandu. Loya anati m'Chitchaina mulibe zimenezo, muli zosiyana nazo, ndipo Chitchaina ndicho chitsatidwe.

Ndinapempha pepalalo. Tsamba lachinayi silinali langa. Zilembo zake zinali zonenepako pang'ono, ngati za pa malo otayipira makalata pa Migowi pomwepo. Ziganizo ziwiri zija munalibe, ndipo pa mndandanda wa nkhondo ndi zivomezi wina anawonjezerapo chigumula. Koma kumapeto, pa tsamba lachisanu ndi chimodzi, dzanja langa linalipo, kutsimikiza kuti zonse n'zoona.

Ndisanatsegule pakamwa, atsibweni anaimirira. Analankhula modekha, mwa mawu awo a pa guwa. Anati aliyense amalakwitsa, Chitchaina n'chovuta, mwanayu anayesetsa, ndipo anapempha anthu kuti asandisungire chakukhosi.

Sindinawayankhe pamenepo. Malemba amatiphunzitsa kuyamba tapita kwa m'bale patokha, tisanaitane mboni kapena mpingo. Msonkhano unaimitsidwa kwa sabata imodzi. M'mawa mwake ndinapalasa njinga kupita kwawo, kufupi ndi Jenala. Ndinawapeza akukonza khola. Ndinawaonetsa pa foni kumasulira kwanga kwenikweni, kumene ndinawatumiziranso iwo omwe tsiku lija, deti lake likuoneka.

Sanakane. Anati alimi akanamva ziganizo zimenezo sakanasayina, mapampu akanapita ku Zomba, ndipo iwo anasala kudya masiku atatu kupempha kuti madzi asabwere. Ndinawafunsa chifukwa chimene anaponyera mlanduwo pa ine.

“Iwe uli ndi mapepala, mphwanga. Ukhoza kupita ku Lilongwe mawa, anthu n'kuiwala. Ine manda anga ali pompano.”

“Atsibweni, ndilibe munda ine. Dzina langali ndiye munda wanga.”

“Dzinalo anakugulira ndani? Si mbuzi zanga?”

Ndinawauza kuti ndiwadikira mpaka tsiku la msonkhano kuti anene okha. Anabwerera ku khola lawo.

Sabata imeneyo makampani awiri amene ndinkawamasulira anasiya kuyankha mafoni anga. Nkhani imayenda ndi maminibasi. Mayi anga anabwera pa Migowi osayamba adziwitsa, ndipo analankhula m'Chilomwe, monga amachitira zikafika povuta. Anati munthu savula mlongo wa mayi ake pagulu. Anandifunsa kuti banja langa likadzagwedezeka ndidzathamangira kwa yani. Ndinawerenga masalimo a munthu wopwetekedwa ndi bwenzi lodyera naye mbale imodzi, ndipo kwa nthawi yoyamba sindinawamve ngati a munthu wakale. Ndinapempha Mulungu kuti atsibweni aimirire okha. Ndinapempha zimenezo mpaka pa khomo la nyumba ya msonkhano.

Sanaimirire. Anatsegula ndi pemphero, n'kukhala pansi.

Ndiye ndinaimirira ine. Ndinagawa masamba achinayi awiriwo, langa ndi linalo, ndinawerenga langa m'Chingerezi ndi m'Chichewa, ndipo loya anavomereza kuti likugwirizana ndi Chitchaina liwu ndi liwu. Ndinapereka foni kwa mlembi kuti aone deti ndi amene ndinamutumizira. Dzina la atsibweni sindinalitchule. Panalibe chifukwa. Anthu onse anatembenukira kwa iwo, iwo akuyang'ana chipewa chawo.

Ndinkaganiza kuti choonadi chikatuluka ndipuma. Koma choonadicho chinali chakuti alimi alibe pothawira. Mapampu anayenera kupita, ndipo anthu khumi aja anatsala pa mlandu, aliyense payekha. Mayi wamasiye uja anandibwezera foni, n'kundifunsa motsitsa mawu, anthu onse akumva:

“Achimwene, ndiye inu munkadziwa kuyambira kale kuti madzi akabwera tathera pomwepo?”

Ndinati ndinkadziwa.

“Nanga pa tsiku losayina munali kuti?”

Ndinati ndinawasiyira akuluakulu. Anagwedeza mutu, n'kukhala pansi.

Atsibweni anatula pansi mpando, ndipo mpingo unawaimitsa kwa kanthawi. Patapita miyezi anawabwezera pa ukulu wa mpingo, poti anthu anati analakwa pofuna kuthandiza mudzi. Sanabwerepo kwa ine kudzanena kalikonse. Makampani aja anayambiranso kunditumizira ntchito, chifukwa loya uja anawauza zimene anaona. Ku Limbe ndi ku Blantyre dzina langa linayera. Kwathu ayi. Ena amati ndine amene ndinachititsa manyazi atsibweni anga, ena amati ndine amene ndinadziwa n'kukhala chete, ndipo achiwiriwa sindingawatsutse.

Chaka chathachi kopaletivi yomweyo inalandira mgwirizano wina kuchokera ku kampani ina, nawonso wa m'Chitchaina. Ndinamva pa msika kuti anautumiza kwa munthu wa ku Lilongwe amene sanamuonepo nkhope. Mlembi anadutsa nawo pa khomo panga popita kokwerera minibasi. Tinapatsana moni bwinobwino, anafunsa za ana, n'kupitirira.