Aloysius Wobadwa mu 22

Dainess amagwira ntchito ku kampani ina ya ku Lucan, kufupi ndi Dublin, yosamalira nkhalamba m'makomo mwawo. Mu 2010 chuma chitavuta, kampaniyo inachotsa kalaliki, ndiye masana Dainess amasambitsa okalamba, madzulo n'kukhala pa kompyuta kulowetsa maina awo ndi masiku obadwa.

Amene anamusonyeza kalembedwe kake anali Cuthbert, woyang'anira ma shift. Munthuyu atangofika ku Dublin anagona pa sofa ya Dainess mpaka atapeza pogwira, ndipo ndi Dainess yemweyo anamupemphera ntchito kwa abwana. Dainess amamutchula kuti achimwene. Cuthbert anamuuza kuti chaka azingolemba manambala awiri omaliza, asamataye nthawi.

Mu December kunagwa snow yoopsa, mabasi anaima. Abwana analamula kuti antchito ochepa amene akanatha kuyenda ayambire kwa okalamba opitirira zaka 75. Cuthbert anatulutsa maina pa kompyuta, anthu n'kumwazikana. Dzina la bambo Aloysius, amene amakhala okha, panalibe. Anawapeza mochedwa atagwa m'khitchini, chiuno chitathyoka, thupi lili zii, koma akupumabe.

Munthu wa makompyuta amene anaitanidwa anafotokoza pamaso pa onse. Pulogalamuyo ikalandira manambala awiri imadzisankhira yokha: kuyambira 30 mpaka 99 imawaika m'ma 1900, koma 00 mpaka 29 imawaponya m'ma 2000. Aloysius, wobadwa mu 22, inamulemba 2022, mwana wosabadwa n'komwe. Onse obadwa 1930 isanafike anatsala chimodzimodzi, kungoti enawo anali ndi abale pafupi. Poti pa sikirini pamaoneka 22 basi, panalibe wodabwa.

Dainess anatembenukira kwa Cuthbert, mtima uli m'malo. Si iye kodi amakonda kusimba kuti mu 1999 ali ku banki ku Lilongwe amakonza vuto lomweli, makompyuta asawerenge 00 ngati 1900?

"Ine ndinawauza a Dainess kuti azilemba manambala onse anayi," anatero Cuthbert, maso ali pa tebulo.

Panja Dainess anamugwira mkono wa jekete. "Achimwene, munandiuza zimenezija liti?"

Cuthbert anayankha chapansipansi kuti ali ndi ana atatu, permit yake yokhalira m'dzikomo yamangidwa pa ntchito imeneyi, pomwe iye Dainess mapepala ake ndi okhazikika, apeza kwina. Anati amumvetse.

Dainess anachotsedwa Khirisimasi isanakwane. Kwina kuja sikunapezeke msanga; anakhala pakhomo mpaka chilimwe, kenako anayamba kukolopa ku airport. Aloysius sanabwererenso kunyumba kwake. Dainess anakamuona kamodzi kumalo osungira okalamba, mkuluyo n'kumufunsa chimene anasiyira kubwera. Anangoti misewu inali yoterera.

Ku tchalitchi Cuthbert amamupatsabe moni. Dainess amayankha, koma amamutchula bambo Cuthbert.