Mimba yanga ndi mitengo ya m'sitolo

Mwana wathu woyamba atabadwa, amuna anga anatsitsa mitengo ya zonse m'sitolo. Kasitolo kake kanali ka chipinda chimodzi, kofolera malata, kufupi ndi siteshoni ya sitima ku Mtakataka. Anakamanga atabwera ku Halale, kumene anagwira ntchito m'sitolo ya mzungu, ndipo nzeru yotsitsa mitengo anaiona komweko. Anaima pakhonde n'kulengeza kuti wakhala bambo, choncho nsalu, mchere, sopo ndi palafini zitsika mpaka Loweruka. Ine ndinali m'chikuta, ndinkangomva phokoso la anthu. Tsiku lotuluka m'chikuta anabwera ambiri kudzaona mwana, wina ndi ufa, wina ndi nkhuku, ndipo ndinanyada kuti kwathu kuno timakondedwa.

Amuna anga anatsitsanso mitengo pa mwana wachiwiri. Apo ndiye panalakwika, koma sitinadziwe. Loweruka litafika, anthu a kutsidya kwa mtsinje anadandaula kuti uthenga unawapeza mochedwa, amuna anga n'kuwonjezera sabata ina. Anali munthu wosatha kukana. Zitatha izo sitolo inakhala zii kwa nthawi yaitali, chifukwa aliyense anali atakundika mchere ndi sopo wa miyezi. Amuna anga ankangoti anthu alibe ndalama. Ine ndinkaona kuti amene anagula motchipa aja ndi omwewo amene akanagula pa mtengo wake, kungoti anagula msanga n'kutisiyira phindu lochepa. Sindinanene, poti sitolo inali yawo.

Pa mimba yachitatu m'pamene ndinamwa manyazi.

Kwathu mimba sitchulidwa. Mkazi akaima, anthu amaona n'kuyang'ana kumbali. Akafuna kunena amangoti akudwala, ndipo amatero motsitsa mawu, chifukwa za m'mimba sizidziwika mmene zidzathere. Ngakhale mayi anga ondibereka sankandifunsa miyezi. Koma chaka chimenecho mimba yanga inayamba kuonekera nthawi yomwe msika wa thonje unatsegulidwa, nthawi imene anthu a m'chigwa muno amagwira ndalama. Amuna anga anali ataitanitsa mabelo a nsalu pa sitima, zirundu zamaluwa ndi biriwita, kudalira ndalama za thonjezo. Chaka chonse cha sitolo chinkadalira miyezi imeneyi.

Anthu ankabwera ndithu. Mayi amalowa ndalama atamanga pansonga ya nsalu, amatsitsitsa chirundu pashelefu, amachitambasula, amachiyesa m'chiuno, kenako amandiyang'ana pamimba n'kuchipindanso. "Ndidzabwera," amatero. Mchere ankagula wa tsiku limodzi, sopo kachidutswa. Poyamba sindinamvetse. Ndinamvetsa tsiku limene azakhali a amuna anga, mayi wapakamwa amene ankagulitsa mowa, anatsamira pa kauntala n'kunena anthu akumva.

"Apongozi, kodi tidikire mpaka liti? Ndalama zatiyabwa m'manja."

Sitolo yonse inaseka. Ine ndinazemba kulowa kuseri, kumene tinkasunga matumba a mchere, ndipo ndinakhala pamenepo nkhope ikutentha. Sindinalire. Ndinkangofuna kuti nthaka itseguke.

Kuyambira pamenepo ndinaona zonse. Kudambo akazi ankasiya nkhani ndikafika. Kutchalitchi ku Mua, pogwada, ndinkamva maso kumsana kwanga. Azamba a m'mudzi mwathu, mayi wachikulire amene anandichiritsa ana awiri aja, anandiuza akupukusa mutu kuti anthu akumawapatsa fodya kuti awauze mwezi. Mwamuna wina, mwamuna ndithu, anafunsa mlongo wanga pa bawo ngati zinthu zili pafupi. Ndinayamba kumanga nsalu mothina, kutunga madzi anthu asanadzuke, ndipo kusitolo ndinasiya kupita. Chinthu chimene mkazi amabisa ngakhale kwa mbale wake chinasanduka chikwangwani cha sitolo.

Ndalama ya thonje siidikira munthu. Pamene anthu ankadikira ine, ina inkapita kumsonkho, ina kumowa, ina kwa amwenye ku Golomoti. Nsalu zathu zinali phee pamashelefu, zikudya fumbi. Tsiku lina madzulo amuna anga anati, "Bwanji tingotsitsa pano, amake mwana? Tiwauze kuti tafulumiza."

Ndinapsa mtima kuposa mmene ndinapseramo m'banja lonselo.

"Mukatsitsa pano adzagula theka, theka lina adzadikirabe tsiku lenileni. Mwawaphunzitsa ndinu. Mbuzi ikalawa mchere siigwirika. Kamodzi inali mphatso, kawiri wasanduka mwambo, ndipo mwambo wakewo mwaumangirira pathupi panga."

Anavomera kuti kwa mzungu kuja sizinkatero. Kumeneko ankatsitsa katundu wotsalira yekha, osati wothamanga, tsiku lake palibe ankalidziwa, ndipo likakwana lotseka ankatsekadi. Iwo chifukwa cha chimwemwe anatsitsa zonse, pa chifukwa chimene aliyense wa maso akanatha kuchionera patali.

Tinagwirizana zina. Pansi pa kauntala panali katoni ya timagalasi toyang'anira nkhope, tozungulira, timene anatigula kalekale koma sitinkayenda. Tinati mtengo wa nsalu usasunthe ngakhale kobidi, koma wogula chirundu chathunthu apatsidwe kagalasi ka basela. Katoniyo ikhale poyera, aliyense aziona mmene ikutsikira, ndipo ikatha yatha. Sitinalengeze dzulo lake. Anangoiika pa kauntala m'mawa wa tsiku la msika. Mwanjira imeneyi mtengo wa chirundu umene anthu ankaudziwa unakhalabe womwewo m'mitu mwawo, ndipo wodikira ndiye ankaluza.

Panatsala chimodzi. Anthu anayenera kumva kuti mwana akabadwa sipadzakhala kutsitsa. Mwamuna sanganene za mimba ya mkazi wake pagulu, anthu angamuyese wamisala. Mayi anga anakana, anati pakamwa pawo sipangatuluke zotero. Ndiye ndinanena ndekha.

Ndinapita kudambo dzuwa litakwera, nthawi imene akazi amachuluka. Ndinatula mtsuko, ndinamasula nsalu yothina ija, mimba n'kuonekera yonse.

"Amayi, mwaiona. Ndi iyi. Tsiku lake sindilidziwa, adziwa ndi Mulungu. Koma likafika, kusitolo sikudzatsika kanthu. Amene akufuna chirundu akagule lero, kuli timagalasi."

Mayi wina wachikulire anagwira pakamwa. Posenza mtsuko ndinadzithira madzi thupi lonse. Mpaka lero ndikakumbukira ndimatseka maso, ngakhale ndili ndekha m'nyumba. Madzulo ake mayi anga anandikalipira kuti ndadziitanira tsoka, mkazi sadzionetsa chotero.

Ena anakhulupirira. Atsikana anayamba, poti kagalasi kanali chinthu chosiririka, ndipo mkazi wa aphunzitsi a kumishoni anagula zirundu ziwiri. Mayi ameneyu pa mwana wachiwiri uja anagula nsalu pa mtengo wonse dzulo lake la kutsitsa, n'kukhumudwa kwambiri moti anasiya kubwera kwathu. Katoni inatha msika wa thonje usanatseke. Obwera mochedwa anapempha kuti tiitanitse timagalasi tina, amuna anga anayang'ana kudenga n'kukana, thukuta lili kamukamu. Koma ambiri, motsogozedwa ndi azakhali aja, ankati ndi mawu chabe a mkazi wotopa. Ankati mwamunayo timamudziwa, akadzamva kulira kwa khanda adzasungunuka.

Ndinachira m'chilimwe, masana kukutentha. Anali mwana wamkazi. Uthenga unayenda msanga, ndipo m'mawa mwake khonde la sitolo linadzaza. Mwamuna salowa m'chikuta, choncho amuna anga anatuma azamba aja kudzandifunsa.

"Akuti anthu achuluka, ena ndi abale. Akuti atsitseko pang'ono, mchere wokha?"

Ndinali nditagona pamphasa, thupi lonse likuwawa, mwana ali pambali panga. Ndinadziwa kuti mchere wokhawo ukatsika, pa mimba ina adzayambiranso kundiwerengera miyezi.

"Mukawauze kuti akatsitsa ngakhale singano, ine ndi mwanayu tikatulukira kwa mayi anga, ndipo tikakhala komweko."

Sanatsitse. Ndinamva pambuyo pake kuti anaima kuseri kwa kauntala ngati mwana wa sukulu wolakwa, akutchula mitengo yakale, anthu akumunena kuti walodzedwa ndi mkazi. Ena anagula mokwiya, poti anali atadikira nthawi yaitali ndipo nsalu zawo zinali zitang'ambika. Ena anapeza kuti ndalama zija zinatha kale osadziwa. Azakhali anachoka osatsazika. Sabata zingapo sitolo inazizira, kenako anthu anayambanso kugula mchere ukawathera ndi nsalu ikawang'ambikira, monga amachitira anthu kulikonse. Basela tinkaperekabe mwa apo ndi apo, pa katundu wogona, tsiku losayembekezeka, ndipo sitinabwereze pa nyengo yofanana.

Tsiku lotuluka m'chikuta mayi anga anasesa bwalo, anayala mphasa zitatu, anaphika thobwa lambiri monga tinachitira pa ana oyamba aja. Ndinakhala pakhonde mwana ali pamiyendo, nditavala chirundu chatsopano. Anabwera azamba, mng'ono wanga, ndi mkazi wa aphunzitsi uja atanyamula kasopo. Tinadikira mpaka mthunzi unasuntha. Mphasa ziwiri zinapindidwa osakhalidwa, thobwa tinagawira ana a oyandikana nawo.

Pamenepo m'pamene ndinachita manyazi oposa a kudambo aja. Ndinakumbukira mmene ndinkanyadira nkhuku ndi ufa wa pa ana oyamba, mmene ndinkauzira anzanga kuti ana anga ali ndi mwayi wa anthu. Mayi anga anaona nkhope yanga, ananyamula mwana n'kuyamba kumuimbira, osandiyang'ana.

Mimba yachinayi ndinayenda nayo mpaka kumsika, kutchalitchi, kudambo masana, ndipo anthu ankayang'ana kumbali monga mwa mwambo. Ndicho ndinkafuna, ndipo ndinachipeza. Koma wachitatu uja atayamba kuzindikira, tsiku lina anabwera kuchokera kosewera n'kundifunsa chifukwa chimene agogo a m'mudzi amati achimwene ake anabadwa bwino, iye yekha anabadwa wouma manja. Ndinali ndikupeta mpunga. Ndinamuuza kuti akatunge madzi, ndidzamufotokozera akakula.