Batani la "Sindilipo"

Lolemba lina akuluakulu a kampani analengeza, pa pepala la chidindo, kuti wantchito aliyense ali ndi ufulu wopuma mphindi khumi ndi zisanu. Akangodina batani la "sindilipo", kompyuta idzaleka kumuponyera madandaulo a makasitomala, ndipo palibe adzamuyang'ane ndi diso lofiira.

Mayi a Pakona, amene anatha zaka zisanu ndi zinayi pa desiki ya pakona, anawerenga n'kupitiriza ntchito. Bataniro ankaliopa ngati njoka, poti ankadziwa kuti mphindi za wopuma zimalembedwa penapake. Tiyi ankamwa wozizira, dzanja lina lili pa kiyibodi.

Lachinayi masana mlonda anasuzumira pakhomo.

"Mayi, bambo anu ali pageti. Akuchokera kuchipatala, akuti angokuonani basi isanawasiye."

"Apatseni mpando, achimwene, ndingomaliza kamodzi aka."

Anamalizadi, koma anatseka dandaulolo asanadine batani, ndipo lina linagwa pomwepo, wotchi yowerengera nthawi yoliyankha ikuyenda kale. Anati aliyankhe msanga, poti linali lalifupi. Linabweranso lina. Kompyuta sidziwa kuti munthu ali ndi bambo.

Atatuluka anapeza mpando wokha.

"Adikira ndithu," anatero mlonda. "Akuti musadandaule, ntchito ndi ntchito."

Madalawo anamwalira mwezi usanathe, asanaonanenso. Mpaka lero Mayi a Pakona amati kunali kungotambasula chala n'kudina batani lija.

Kumapeto kwa chaka kampani inawapatsa satifiketi ya wantchito amene anapuma mphindi zochepa kuposa onse.