Belu la amake Gerald

Ku Chelstone, pa msika pamene pamakhala atelala, amayi Imelda Njobvu amadziwika ndi dzina loti amake Gerald. Anachokera ku Katete ali mtsikana, nakwatiwa ndi a Abednego, dalaivala wa magalimoto a boma amene tsopano anapuma pantchito. Amasoka mayunifomu a ana a sukulu, ndipo Loweruka amachapa nsalu za paguwa kutchalitchi. Wotchi sanaikondepo. Chiyambire ubwana wawo ku mishoni, tsiku lawo limayenda ndi belu la Anjelusi, pemphero la mngelo, lomwe limalira 6 koloko m'mawa, 12 masana ndi 6 madzulo. Likalira amasiya makina, ngakhale msoko uli pakati, napemphera.

Chaka chathachi a Abednego, omwe ali ndi matenda a shuga, anadzikanda ndi waya pamsongolo akukonza mpanda. Mwendo unatupa, nkumatentha ndi kunyezimira. Lolemba m'mawa anapita kukiliniki. Namwino, sista Febby, anatenga cholembera nazunguliza mzere pakhungu, m'mphepete mwa chotupacho.

"Mubwele pa Chitatu tizaone," anatero. "Chikadumpha mzele uyu musayembekeze, bwelani pamene apo. Tizabatumiza bakagone ku chipatala chachikulu."

Mkulu wawo wa a Abednego, Hector, anakagona kumeneko ndi bala longa lomweli, ndipo anatuluka ndi mwendo umodzi.

Pawindo la mankhwala panali mzere wautali. Anawapatsa mapiritsi khumi ndi asanu. "Limodzi katatu pa tsiku, masiku asanu," anatero wogawayo, maso ali kale pa munthu wotsatira. Pakapepala anali atalembapo za maola asanu ndi atatu, koma m'Chingerezi chokhotakhota. Amake Gerald anangogwira mawu oti katatu, ndipo mtima unakhala pansi. Katatu pa tsiku amakudziwa. Atafika kunyumba belu la masana linalira, iwo napereka piritsi loyamba. Piritsi lachiwiri anapereka pa belu la madzulo.

Tsiku lonse la Lachiwiri sanaphonye. Belu, pemphero, kachakudya, piritsi. Koma mbandakucha wa Lachitatu anakhudza mwendo uja, napeza ukutentha ngati ayironi yositira zovala. Atatsegula katani anaona kuti chotupa chafika pamzere, ndipo chakumtunda, cha kubondo, inki inali itayamba kumira m'khungu lonyezimira. Anapereka piritsi la 6 koloko, naitana takisi.

Sista Febby anayang'ana mwendowo nthawi yaitali, nawayeza kutentha kwa thupi ndi shuga.

"Mankhwala bakumwa?"

"Sitinaphonyepo, sista. Ngakhale limodzi."

"Nthawi bwanji?"

"Pa belu."

"Belu iti, bamayo?"

Amake Gerald anafotokoza. Namwinoyo sanaseke. Anawagwira dzanja nayamba kuwapinda zala.

"Sikisi kufika thwelofu, maawazi sikisi. Thwelofu kufika eyitini, sikisi futi. Manje kuchoka eyitini kufika sikisi kuseni?"

Amake Gerald anawerenga okha, milomo ikuyenda. Zala za manja onse zinatha, natsala ndi ziwiri.

"Khumi ndi awiri," ananong'ona.

"Ndiye apo. Mankhwala aya sankhalitsa mu magazi. Masana mwabapanikiza pafupipafupi, usiku onse tuzilombo tupumula. Tsiku ili na maawazi twente-folo, mukagawa patatu ni eyiti, eyiti, eyiti. Siningatsimikize kuti ndiye chokha chalengesa, vimachita kutupa masiku oyamba. Koma ichi tingakonze."

"Ndiye nimwe yabili pakamozi, tipezeletu," anatero a Abednego.

"Iyayi, batate! Imozi chabe. Mwamwa ziro sikisi. Yotsatila ni fotini, yinango twente-thuu." Anazunguliza mzere watsopano kunja pang'ono kwa woyamba uja. "Thupi siinapye, shuga ilibe vuto, ndiye nikupatsani tsiku imozi. Mailo kuseni nifuna kuona mwendo uyu. Mukamva mphepo olo kutentha thupi, musayembekeze mailo."

M'takisi amake Gerald ankawerenga mapiritsi mumtima. A Abednego anamwa kale asanu ndi limodzi, otsala asanu ndi anayi. Lero awiri, 2 koloko masana ndi 10 usiku. Lachinayi atatu, Lachisanu atatu. Lomaliza likugwera Loweruka 6 koloko m'mawa. Mwa mabelu atatu aja, la m'mawa lokha ndilo linali kuwathandizabe.

Kunyumba anatsitsa wotchi ya pakhoma imene a Abednego analandira popuma ntchito, naiika pa tebulo. Mapiritsi anawamanga pa nsonga ya chitenje.

Belu la 12 koloko linalira. Amake Gerald anaimirira napemphera monga mwa masiku onse. Atatsegula maso anapeza dzanja la amuna awo litatambasulidwa.

"Nipatseni."

"Nthawi siinakwane, atate ake Gerald."

"Mwendo ni wanga. Ukubaba manje, osati fotini."

"Munamva zimene ananena a sista."

"Kamwana kaja? Ine n'nayamba kuyendetsa ma Land Rover kakalibe kubadwa. Imwe na belu yanu ndimwe mwanifikitsa apa, manje mufuna munimane na mankhwala?"

Mawuwo anawalasa, chifukwa anali oona mbali ina. Dzanja lawo linapita lokha pa mfundo ya chitenje. Kodi maola awiri nchiyani? Bwanji ngati m'maola omwewo chotupa chidumpha mzere? Koma akapereka tsopano, lotsatira likhala 8 koloko madzulo, linalo 4 mbandakucha, ndipo mawa adzasokonezekanso.

"Mukalipe mmene mungathere," anatero motsitsa mawu. "Ndikupatsani 2 koloko."

Zaka makumi atatu ndi zisanu za ukwati, anali asanawakanizepo chinthu maso ndi maso. A Abednego anatembenukira kukhoma. Amake Gerald anawaikira pilo pansi pa mwendo, nakhala pampando, kolona m'manja, maso akusinthana pakati pa wotchi ndi mzere wa inki. Muvi wa wotchiyo unkayenda ngati minibasi yodikira kudzaza. Kamodzi anagwada kuyang'anitsitsa, naona ngati khungu lafufuma. Anayang'ananso, osadziwa ngati ndi maso chabe.

Itakwana 2 koloko anabweretsa kapu ya madzi ndi kagawo ka buledi.

"Batelala basanduka badokota," anadandaula a Abednego, koma anameza.

Usikuwo amake Gerald, amene amagona nkhuku zikangolowa, anakhala maso akusoka mabatani mpaka 10 koloko, nadzutsa amuna awo.

Lachinayi, belu la m'mawa lisanalire, anatsegula katani. Sanafune kuyang'ana, koma anayang'ana. Mzere watsopano unali poyera, wonse. Mkati mwake khungu linali litayamba makwinya ang'onoang'ono, ngati nsalu yochapa yosasita. Anaika chikhatho. Kutentha kunalipo, koma kwa munthu, osati kwa ayironi.

Kukiliniki sista Febby anadina ndi chala, nagwedeza mutu. "Chayamba kubwelela. Musalekeze, mutsilize yonse, mubwele futi nikaone."

Tsiku limenelo amayi a bungwe la Anna Woyera anadikira amake Gerald pa msonkhano wawo wa 2 koloko, ndipo kwa nthawi yoyamba iwo anafika mochedwa, chifukwa anayamba apereka kaye piritsi. Loweruka, belu la m'mawa likulira, anamasula mfundo ya chitenje natulutsa piritsi lomaliza. A Abednego analilandira, nayang'ana wotchi kaye.

"Sikisi yakwana?" anafunsa.

"Yakwana. Lero belu ndi wotchi zagwirizana."

Sabata yotsatira a Abednego anayenda okha ndi miyendo yawo iwiri mpaka kumsika, kukawapatsira mkazi wawo masikono. Wotchi ija sinabwererenso pakhoma. Ili pambali pa makina osokera, ndipo amake Gerald amaipukuta fumbi m'mawa uliwonse.